Kukonza Dzino Lobenthuka Kapena Mpata wa Mano pa Chithunzi Popanda Kusintha Nkhope ya Mwiniwake

Munthu akalandira chithunzi chake chokonzedwa n'kunena kuti sakudzizindikira bwino, nthawi zambiri cholakwika chimakhala pakamwa. Wokonza anangofuna kuchotsa kachilema kamodzi pa dzino, koma pochita zimenezo anakankha mlomo pang'ono, anayeretsa mano onse, kapena anafananitsa mano awiri akutsogolo mpaka kuoneka ngati ogula kusitolo. Malangizo awa akufotokoza mmene mungakonzere dzino lobenthuka ndi mmene mungachepetsere mpata wa pakati pa mano akutsogolo mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya `Photoshop`, motsatira lamulo limodzi: chigamba chichokere m'kamwa mwa munthu yemweyo, ndipo kusintha konse kuthere pa dzinolo, osafika pa milomo, pa nkhama kapena pa tsaya. Kumapeto kuli njira yotsimikizira ndi maso kuti lamuloli lasungidwadi.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti mwajambula mayi wina pa tsiku lolandira digiri, akumwetulira, nkhope italunjika kamera, ndipo kuwala kukuchokera kumanzere kwa chithunzi. Chithunzicho ndi cha mapikiselo 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi. Dzino lake lina lapamwamba lakutsogolo, lomwe likuoneka kumanja kwa sikirini, linabenthuka pa ngodya yam'munsi yoyang'ana mnzake, ndipo pakati pa mano awiriwo pali mpata wobadwa nawo.

Zoyenera kumvana musanatsegule pulogalamu

Kubenthuka ndi mpata si zinthu zofanana, ndipo wokonza zithunzi sayenera kuzitenga mofanana. Dzino lobenthuka limadza ndi ngozi, monga kugwa kapena kuluma kamwala mu mpunga, ndipo anthu ambiri amakondwa likakonzedwa chifukwa si mmene iwo amadzidziwira. Mpata wobadwa nawo ndi mbali ya nkhope imene abale ndi anzake amamudziwira munthu, ndipo kwathu kuno ambiri amauyamikira ngati kukongola. Choncho musautseke chifukwa choti inu mwauona. Funsani mwaulemu kuti, "Mayi, dzino lobenthukali ndilikonze, nanga mpatawu ndiusiye mmene ulili?" Mu chitsanzo chathu, mayiyo wayankha kuti dzino likonzedwe ndipo mpata uchepetsedweko pang'ono, koma usatheretu. Funsaninso kuchuluka kwa zithunzi zimene zidzaonekere pamodzi, popeza dzino lokonzedwa pa chithunzi chimodzi koma lobenthuka pa zina makumi atatu za mu alubamu yomweyo limangoitana maso a anthu.

Chachiwiri ndi fayilo. Pemphani fayilo yoyambirira ya mu kamera, makamaka ya `RAW`, imene imasunga zonse zimene kamera inajambula, ngati ilipo. Chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi pa `WhatsApp` chimachepetsedwa ndi kupanikizidwa, ndipo dzino limene linali ndi mapikiselo 70 m'lifupi likhoza kutsala ndi osakwana 20, ozunguliridwa ndi timabokosi ta kupanikizako. Pa dzino lotere palibe poti n'kudulapo chigamba. Ngati palibe njira ina yotumizira, uzani kasitomala atumize fayiloyo ngati `Document`, chifukwa ikatero imafika mmene ilili. Mukatsegula `RAW` mu `Camera Raw`, yang'anani kaye ngati mano sanapserere ndi kuwala. Malo amene afika 255 pa mitundu yonse itatu alibe chilichonse chokopera, choncho tsitsani `Highlights` mpaka maonekedwe a pamwamba pa dzino abwerere. Malizaninso kukonza mtundu wa chithunzi chonse panthawiyi, chifukwa chigamba chimene mwafananitsa bwino chimatha kuonekera poyera mukadzasintha kuwala kwambiri pambuyo pake.

Yang'anitsitsani dzino labwino

Gawo ili ndi limene ambiri amalidumpha, ndipo n'chifukwa chake zigamba zawo zimaoneka ngati pulasitiki. Kulitsani chithunzi kufika 200 kapena 300 peresenti, ndipo muyang'ane dzino losabenthukalo kwa kanthawi musanagwire chida chilichonse. Mudzaona kuti dzino silikhala la mtundu umodzi. Chakumtunda, pafupi ndi nkhama, limakhala lachikasu kwambiri. Pakati ndi pamene limawala. Ndipo kunsonga, kumene timalumira, limakhala lotuwirako, nthawi zina mokhala ngati mwabuluu, chifukwa kumeneko kuli chikuto cholimba cha dzino chokha chimene chimalola kuwala kudutsa, ndipo mdima wa m'kamwa umaonekera kumbuyo kwake. Popeza kubenthuka kumachitika kunsongako, chigamba chotengedwa pakati pa dzino chimakhala choyera kuposa mmene chiyenera kukhalira.

Yang'ananinso ngodya ziwiri zam'munsi. Pa dzino lapamwamba lakutsogolo, ngodya yoyang'ana pakati pa nkhope imakhala yakuthwa, pafupifupi ngati ngodya ya tebulo, pamene ngodya yoyang'ana kumbali imakhala yozungulira. Mukasinthanitsa ziwirizi, woona sadzatha kunena chimene chalakwika, koma adzamva kuti dzino lili mbali yosayenera. Kenaka pezani kadontho konyezimira, kamene malovu ndi kusalala kwa dzino zimabweza kuchokera ku nyali kapena pawindo. Mu chitsanzo chathu kali chakumanzere kwa dzino lililonse, chifukwa kuwala kukuchokera kumanzere. Pomaliza, werengani kuti m'mphepete mwa dzino mumatenga mapikiselo angati kuti musinthe kuchoka pa kuyera kufika pa mdima wa m'kamwa. Pa chithunzi chathu ndi mapikiselo pafupifupi 3, ndipo nambala imeneyi ndiyo idzatiuza kufewa kwa m'mphepete mwa chigamba.

Yezani ndi `Ruler Tool`, kapena kokani `Rectangular Marquee` n'kuwerenga `W` ndi `H` mu `Info`, imene imatsegulidwa ndi `F8`. Pa chithunzi chathu dzino labwino lili ndi mapikiselo 70 m'lifupi ndi 90 m'litali, chobenthuka chatenga mapikiselo pafupifupi 18 mbali zonse ziwiri za ngodya, ndipo mpata ndi mapikiselo 14. Dzino lotere mwa munthu wamkulu limakhala pafupifupi mamilimita 8.5 m'lifupi, choncho milimita imodzi pano ndi mapikiselo 8, ndipo tikukonza kachidutswa ka mamilimita awiri okha. Lembani manambalawa penapake, chifukwa tibwereranso kwa iwo.

Kukonza ngodya yobenthuka

Musakhudze leya ya `Background`, yomwe ndi chithunzi choyambirira chokhala pansi pa zonse. Zonse zichitike pa maleya apamwamba pake, amene muwaike m'gulu limodzi ndi `Ctrl+G` n'kulitcha dzina loti dzino, kuti muzitha kuzimitsa ntchito yonse ndi kudina kamodzi.

Chida chimene dzanja limathamangira ndi `Spot Healing Brush` kapena `Healing Brush`, koma pa ntchito iyi zonse ziwiri zimakhumudwitsa. Zida zimenezi zimasakaniza mtundu wa chigamba ndi mtundu wa malo ozungulira, ndipo pa nsonga ya dzino malo ozungulirawo ndi mdima wa m'kamwa. Zotsatira zake ndi banga lotuwa, lopakika ngati mwaye, pamalo pamene mumafuna mzere wooneka bwino. Zisungeni kuti mudzachotsere kachingwe ka mng'alu kapena kadontho pakati pa dzino, kutali ndi m'mphepete.

Nkhope ikakhala kuti yalunjika kamera, njira yabwino ndiyo kubwereka ngodya kwa dzino linzake. Tengani `Lasso Tool`, ikani `Feather` pa 0, ndipo zungulirani ngodya yam'munsi yamkati ya dzino labwino, mukutenga malo okulirapo kuposa chobenthukacho, pafupifupi mapikiselo 35 mbali zonse, pamodzi ndi kamdima ka m'kamwa kozungulira ngodyayo. Kamdimako n'kofunika, chifukwa kamabwera ndi m'mphepete mwenimweni mmene diso la kamera linajambulira, ndipo simudzafunika kupeka kufewa kwake. Muli pa `Background`, dinani `Ctrl+J` kuti chidutswacho chipite pa leya yakeyake, kenaka `Ctrl+T`, dinani batani lakumanja la mausi n'kusankha `Flip Horizontal`. Tsitsani `Opacity` ya leyayo kufika 50 peresenti kuti muziona zapansi, ndipo kokerani chidutswacho pa dzino lobenthuka.

Pofananitsa, musayang'ane ngodya yosowayo. Yang'anani mizere iwiri imene idakalipo pa dzino lobenthuka, womwe ndi mzere wam'munsi wolumira ndi mzere woimirira wa mbali ya mpata, ndipo tembenuzani chigamba pang'onopang'ono mpaka mizere yake igone pamwamba pa mizere imeneyi. Nthawi zambiri pamafunika kutembenuza madigiri awiri kapena atatu, popeza mano awiri akutsogolo sakhala oima mofanana ndendende. Ngati dzino lobenthukalo linali lalifupi pang'ono kuposa linzake kuyambira kale, lisiyeni lalifupi. Chimene mukubwezeretsa ndi ngodya yake, osati kutalika kwa mnzake. Mizere ikagwirizana, dinani `Enter` ndi kubweza `Opacity` pa 100.

Tsopano bisani chigamba chonse pogwira `Alt` n'kudina chizindikiro cha `Add layer mask`, chimene chimaika masiki yakuda, popeza pa masiki chakuda chimabisa ndipo choyera chimaulula. Tengani bulashi yoyera ya mapikiselo 10 mpaka 12, `Hardness` pafupifupi 30 peresenti, `Flow` pafupifupi 20 peresenti, ndipo pentani pa masiki pamalo pobenthuka pokha, kuyambira pa ngodya kulowera mkati mwa dzino. Mukafika pa dzino lenileni, pitirirani ndi mapikiselo 4 kapena 5 okha kuti msoko usungunuke, kenaka imani. Mukamaulula chigamba chachikulu, ndi pamenenso mano awiriwo amayamba kufanana ngati munthu ndi chithunzi chake cha pagalasi, ndipo diso limazindikira kufanana kotero msanga kuposa mmene limazindikirira kubenthuka.

Apa ndi pamene vuto la kuwala limatulukira. Ngodya imene tabwereka ili kumanja kwa dzino labwino, mbali yotalikira kuwala, ndipo taiika kumanzere kwa dzino linzake, mbali yoyang'ana kuwala. Choncho chigamba chidzaoneka chodera kuposa malo ake atsopano. Musadalire maso okha. Ikani `Sample Size` pa `5 by 5 Average`, ndipo ndi `Color Sampler Tool` ikani kadontho kamodzi pa chigamba ndi kena pa dzino lenileni, pa mzere umodzi wopingasa, kuti muyerekeze nsonga ndi nsonga. Tinene kuti `Info` ikuonetsa 196, 186, 172 pa chigamba, ndi 208, 198, 183 pa dzino. Kusiyana ndi pafupifupi 12 pa mtundu uliwonse, zomwe zikutanthauza kuti vuto ndi kuwala kokha, osati mtundu. Onjezani leya ya `Curves` pamwamba pa chigamba, imangirireni kwa icho ndi `Ctrl+Alt+G` kuti isakhudze china chilichonse, ndipo kwezani mzerewo chakumtunda kwake mpaka manambala asiyane ndi 2 kapena 3 basi. Gwirani mbali yam'munsi ya mzerewo ndi kadontho kuti kamdima ka m'kamwa kamene kanabwera ndi chigamba kasatuwe. Zikanakhala kuti mtundu umodzi wokha, monga wabuluu, ndiwo wasiyana kwambiri, mukanasankha `Blue` mu `Curves` momwemo n'kukonza umenewo padera.

Ngati chigamba chabwera ndi kadontho konyezimira, kafufuteni pa masiki, chifukwa katembenuzidwa ndipo kakuloza kumene kulibe nyali. Kadontho kamene dzino lobenthuka linali nako kale ndiko koyenera kutsala.

Njira yobwerekayi imalephera nkhope ikatembenukira kumbali, chifukwa dzino lakutali limaoneka lopyapyala ndiponso lopendekeka mosiyana ndi lapafupi. Imalepheranso mano onse awiri akakhala obenthuka. Zikatero mumamanga ngodya kuchokera pa dzino lomwelo. Ndi `Pen Tool`, pitirizani mzere wam'munsi ndi mzere wam'mbali mpaka ikumane, n'kuzungulitsa pang'ono pokumanirapo, kenaka sandutsani njirayo kukhala chosankhidwa ndi `Make Selection`, `Feather Radius` ili pa 1 kapena 1.5, mogwirizana ndi mapikiselo 3 aja tinawerenga. Pa leya yatsopano yopanda kanthu, tengani `Clone Stamp`, ikani `Sample` pa `Current & Below`, gwirani `Alt` n'kudina pa nsonga yabwino ya dzino lomwelo, ndipo dzazani ngodyayo mukuyenda mopingasa, kuti kutuwa kwa nsonga kupitirire pa mzere wake. Sinthani potengera kawiri kapena katatu, chifukwa kutenga pamalo amodzi kumabwereza kadontho kamodzi kangapo motsatizana. Ogwiritsa ntchito `GIMP` angachite zomwezi ndi `Clone`, posankha potengera ndi `Ctrl` ndi kuyatsa `Sample merged`.

Kuchepetsa mpata

Ntchito iyi ndi yovutirapo, ngakhale imaoneka yophweka, chifukwa malo amene mpata wasiya ayenera kudzazidwa ndi chinachake, ndipo chinachakecho ndi kukula kwa mano. Madokotala a mano amaona kuti dzino lapamwamba lakutsogolo limaoneka bwino m'lifupi mwake mukakhala pafupifupi 75 mpaka 80 peresenti ya m'litali mwake. La mayi wathu lili pa 70 kugawa ndi 90, yomwe ndi 78 peresenti. Kuti titseke mpata wonse wa mapikiselo 14, dzino lililonse liyenera kulandira 7, n'kufika 77 pa 90, yomwe ndi 86 peresenti. Dzino lotero limayamba kuoneka la makona anayi, ndipo mano oyandikana nawo, amene sanakule, amaoneka ngati achepa. Kumwetulira konse kumasintha ngakhale milomo sinakhudzidwe. Tikapatsa dzino lililonse mapikiselo 4 okha, limafika 74 pa 90, yomwe ndi 82 peresenti, ndipo mpata umatsala wa mapikiselo 6. Ine ndimaona kuti kuchepetsa mpata ndi theka kapena kupitirirako pang'ono ndiwo malire abwino, chifukwa chithunzi chikasindikizidwa mpatawo umaoneka ngati kamzere kakang'ono, koma amene amamudziwa munthuyo amaupezabe.

Ambiri amathamangira `Liquify` n'kukankhira mano pamodzi. Vuto lake n'lakuti bulashi ya `Forward Warp Tool` imakoka chilichonse chimene chili mkati mwa bwalo lake, kuphatikizapo mlomo wapamwamba, nkhama ndi mano apansi, ndipo kanzere ka pakati pa mlomo kakapindika ndi mapikiselo ochepa chabe nkhope imasintha. Ngati mwasankha kuigwiritsa ntchito, pakani `Freeze Mask Tool` pa milomo yonse, pa nkhama ndi pa theka lakunja la dzino lililonse, ndipo muyatse `Show Mesh` kuti muziona pamene ukonde wapindika. Zosinthira za `Face-Aware Liquify`, monga `Smile` ndi `Mouth Width`, musazikhudze konse, popeza ntchito yake ndi kusintha nkhope kumene tikupewaku.

Njira yodalirika ndiyo kutambasula theka lamkati la dzino lililonse palokha. Yambani ndi dzino lakumanzere kwa sikirini. Ndi `Pen Tool` kapena `Lasso Tool`, sankhani kuchokera pakati pa dzino mpaka m'mphepete mwake mwa mbali ya mpata, mapikiselo 35 m'lifupi, kuyambira pansi pa nkhama mpaka kunsonga, mukutengako kamdima kochepa ka mu mpata. Dinani `Ctrl+Shift+C` kuti mukopere zonse zooneka, kenaka `Ctrl+Shift+V` kuti chidutswacho chikhale pamalo pomwepo pa leya yatsopano. Mu `Ctrl+T`, yatsani kabokosi ka malo ozikirapo kamene kali pa mzere wa pamwamba, sankhani kadontho ka pakati kumanzere kuti mbali imeneyo isasunthe, masulani unyolo wa pakati pa `W` ndi `H`, ndipo lembani 111 peresenti pa `W`. Mapikiselo 35 amakhala pafupifupi 39, ndipo m'mphepete mwa dzino mwalowa mu mpata ndi mapikiselo 4, pamene mbali yakunja, yogundana ndi dzino lachiwiri, ili pomwe inali. Chitani chimodzimodzi pa dzino lakumanja, mukuzika kadontho ka kumanja. Popeza `Ctrl+Shift+C` imakopera zooneka, ngodya imene tinakonza ija imabwera nawo, n'chifukwa chake kubenthuka kumakonzedwa poyamba.

Mano onse awiri alandire mofanana. Mukatambasula limodzi lokha ndi mapikiselo 8, mzere wa pakati pa mano umachoka pansi pa kanzere ka mlomo, ndipo kamwa limaoneka lopotoka. Pali nthawi imodzi yokha yosiyanitsa, pamene dzino lina ndi lopyapyala kuposa linzake mwachibadwa; pamenepo lopyapyalalo lingalandire zochulukirapo pang'ono.

Ikani masiki pa zidutswa ziwirizi ndipo mufewetse msoko wa pakati pa dzino ndi bulashi yakuda yofewa. Kenaka samalani malo awiri amene amaulula ntchito yosasamala. Oyamba ndi kumtunda kwa mpata, kumene nkhama imatsikira pakati pa mano. Chidutswa chotambasulidwa chimakonda kukwera pa nkhamayo n'kuidula mowongoka, choncho fufutani pa masiki kuti m'mphepete mwa dzino mupindikire kunja pamene mukuyandikira nkhama, monga mmene munalili poyamba, ndipo nkhama ionekebe ikutsika ngati kansonga. Achiwiri ndi kunsi, kumene ngodya ziwiri zimasiya kampata kooneka ngati chilembo cha V chozondoka. Kampata kameneka kamakhalapo ngakhale pa mano ogundana, ndipo kakafufutika mano awiri amaoneka ngati dzino limodzi lalikulu lojambulidwa mzere pakati. Yang'ananinso zimene zikuoneka kupyola mu mpata wotsalawo. Ngati ndi mdima, palibe vuto, koma ngati panali lilime kapena nsonga ya dzino lapansi, onetsetsani kuti kamdima kamene kanabwera ndi zidutswa sikanaziphimbe mwa theka.

Kasitomala akaumirira kuti mpata utsekeke wonse, muonetseni zithunzi ziwiri, china chochepetsedwa ndi china chotsekedwa, pa kukula kumene adzasindikizire, kuti asankhe ataona. Akasankha kutseka, musalole kuti kuyera kugundane ndi kuyera. Siyani kamzere kodera ka mapikiselo 2, kofewa ngati mizere ya pakati pa mano enawo, ndipo mtundu wake muutenge pa mizere imeneyo ndi `Eyedropper Tool`, osati wakuda bii. Dzino lochokeratu lonse ndi nkhani ina. Pamenepo mumafunika dzino lathunthu, nkhama yake ndi mthunzi wa mlomo, ndipo ngati chithunzi chili ndi mwayi wojambulidwanso, kumwetulira kotseka pang'ono kapena kutembenuza nkhope kumapereka zotsatira zabwino kuposa maola awiri a pa kompyuta.

Kubwezeretsa timadontho ndi kuyesa ntchito

Chidutswa chilichonse chimene chatembenuzidwa kapena kutambasulidwa chimasalala pang'ono, chifukwa pulogalamu imawerengera mapikiselo atsopano kuchokera kwa oyandikana nawo, ndipo timadontho tachibadwa ta kamera timafufutika. Pa chithunzi chojambulidwa panja masana kusiyanaku sikuoneka kwenikweni, koma pa chojambulidwa mu holo ndi `ISO` yokwera, chigamba chimaoneka ngati malo opukutidwa. Pangani leya yatsopano ndi `Ctrl+Shift+N`, sankhani `Overlay` ndi kuyatsa kabokosi kodzaza ndi imvi ya 50 peresenti, kenaka `Filter > Noise > Add Noise`, `Gaussian` ndi `Monochromatic`, pa 1 kapena 2 peresenti. Ibiseni ndi masiki yakuda ndipo muiulule pa zigamba pokha, mukuyerekeza ndi dzino loyandikana nalo pa 200 peresenti.

Za kuyeretsa mano ndinenepo mwachidule. Sizinapemphedwe, choncho musazichite. Pa khungu lakuda mano amaoneka owala kale chifukwa cha kusiyana kwake ndi khungu, ndipo kuwonjezerapo kumachititsa kuti kamwa lilande maso udindo wokopa woona. Mano osongoka a m'mbali amakhala achikasu kuposa akutsogolo mwachibadwa, ndipo ayenera kutsala choncho.

Kuyesa koyamba ndiko kumene kumatsimikiza lamulo lija. Koperani `Background` ndi `Ctrl+J`, kokerani kopeyo pamwamba pa maleya onse, ndipo sinthani kasakanizidwe kake kukhala `Difference`. Paliponse pamene sipanasinthe pamakhala pakuda, ndipo pamene pasintha pamawala. Kuti kusintha kwakung'ono kusabisale, ikani `Levels` pamwamba pake n'kukokera kachizindikiro koyera kumanzere mpaka pafupifupi 20. Pa chithunzi chathu muyenera kuona ngodya imodzi ndi timizere tiwiri topyapyala m'mbali mwa mpata, mwina ndi kuwala kochepa mkati mwa mano awiriwo. Mukaona mzere wotsata mlomo, banga pa nkhama kapena pa mano apansi, ndiye kuti masiki ina yatayikira, ndipo muzimitse maleya mmodzimmodzi mpaka mupeze yolakwayo. Mukamaliza, fufutani maleya awiri oyeserawa.

Kuyesa kwachiwiri n'kwa diso. Bwererani pa 100 peresenti ndi `Ctrl+1`, kenaka chepetsani mpaka nkhope yonse ikwane pa sikirini, ndipo muzimitse ndi kuyatsa gulu la dzino kangapo mukuyang'ana maso a munthuyo, osati pakamwa. Ngati kaonekedwe ka nkhope kakusintha pamene mukuyang'ana maso, mwachita zambiri, ndipo kawirikawiri mankhwala ake ndi kubweza mpata ndi pikiselo imodzi kapena ziwiri mbali iliyonse. Kenaka gwiritsani ntchito `View > Flip Horizontal`, imene imatembenuza maonekedwe okha popanda kusintha fayilo. Diso limene lazolowera chithunzi kwa theka la ola limaona mwatsopano chikatembenuzidwa, ndipo ngodya yotalika mopitirira kapena chigamba chowala kwambiri zimadumphira poyera nthawi yomweyo.

Sungani fayilo ya `PSD` yokhala ndi maleya onse, chifukwa si zachilendo kuti munthu akaonetsa chithunzi kwa abale ake abwerenso kudzapempha kuti mpata wake ubwezeretsedwe, ndipo pamenepo mudzangozimitsa maleya awiri a mpata n'kusiya chigamba cha ngodya chili pomwepo. Kope lopereka kwa kasitomala litulutseni ngati `JPEG` ya `sRGB`, ndipo ngati pali zithunzi zina za tsiku lomwelo zofunika kukonza, yezani dzino pa chilichonse mwatsopano n'kusunga mlingo womwewo wa 82 peresenti, popeza mapikiselo 4 a pa chithunzi chapafupi sangakhale 4 pa chithunzi chojambulidwa patali.